Thumba la feteleza ndi mtengo wa dola: mawu a pa msonkhano wa banki mkhonde ku Angonia

Zikomo amfumu, zikomo amayi apampando, alembi, asungichuma ndi inu nonse amayi ndi abambo a gulu lino. Mabuku atsekedwa, bokosi lakhomedwa, ndiye tikhale pansi pang'ono tikambe funso limene lakhala likubwerabwera pa misonkhano yanu: n'chifukwa chiyani katundu wochokera kunja akungokwera mtengo tikamagula ndi kwacha?

Wina wa ku Tete kutauni akhoza kudabwa kuti anthu a ku Mozambique akudandauliranji ndi ndalama ya dziko la eni. Koma inu mukudziwa mmene tikhalira kuno. Pa Lizulu msewu ndiwo malire: mbali iyi ndi Mozambique, mbali iyo ndi Malawi, msika ndi umodzi. Kachewere wanu, kabichi, nyemba ndi tomato, ambiri amene amagula ndi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo amalipira makwacha. Makwacha omwewo ndi amene ena mumagulira masheya m'gulu lino, ndi amenenso mumakagulira feteleza, mafuta ophikira, malata ndi kaunjika tsidya linalo. Choncho kwacha ikadwala, malungo amafika mpaka m'bokosi ili.

Tiyambe ndi thumba limodzi la feteleza wa yureya, la makilogalamu 50. Feteleza ameneyu sapangidwa ku Malawi. Amabwera pa sitima yapamadzi kudzatsikira ku Beira kapena ku Nacala. Wa ku Beira amakwezedwa pa mathiraki, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudutsa ku Moatize, kenako kukalowa m'Malawi pa Zobwe kapena kukwera kuno kukatulukira pa Kalomwe kulowa ku Dedza. Mathiraki mumawaona ndi maso anu. Chimene simuchiona ndi ndalama imene yalipiridwa kuti thumbalo liyende. Wopanga feteleza kutsidya kwa nyanja salandira kwacha. Mwini sitima salandira kwacha. Padoko salandira kwacha. Onsewo amafuna madola a ku America. Ndiye kampani ya ku Malawi yoitanitsa feteleza, isanagule ngakhale thumba limodzi, imayamba yagula kaye madola. Dola ndi katundu ngati mchere, ali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi umene umabisala m'kati mwa thumba.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta, ongophunzirira. Tinene kuti thumba lafika pa Beira pa madola 25, ndipo zolipira padoko, thiraki, malire, nyumba yosungiramo ndi phindu la ogulitsa zawonjezera madola 10. Pamodzi madola 35. Kumayambiriro kwa Novembala 2023 mabanki a ku Malawi ankagulitsa dola imodzi pa makwacha pafupifupi 1,180. Madola 35 pa mtengo umenewo ndi K41,300. M'mwezi womwewo banki yayikulu ya Malawi inalengeza kuti dola izigulitsidwa pa K1,700. Thumba lomwe lija, feteleza yemweyo, thiraki yomweyo, madola 35 omwewo, tsopano ndi K59,500. Palibe wawonjezerapo phindu lake, koma thumba lakwera ndi K18,200.

Pa wailesi ankati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tanthauzo lake n'loti dola inakwera mtengo ndi makwacha 44 pa makwacha 100 alionse. Tikaziona kuchokera m'bokosi zimamveka bwino chonchi: K100,000 dzulo lake inali yokwana kugula madola pafupifupi 85, m'mawa mwake inali yokwana madola 59 basi. Mapepala ali momwemo, palibe wathyola loko, koma gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake latsala pang'ono kutheratu. Ndipo aka sikanali koyamba. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa makwacha pafupifupi 167 kufika pa 250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwanso ndi 25 peresenti. Akuluakulu muli pano mukukumbuka nthawi imene K500 inali ndalama yayikulu kwambiri ya pepala. Ya K1,000 inabwera mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Boma silisindikiza pepala lalikulu chifukwa anthu alemera, limatero chifukwa lakalelo lasiya kugula kanthu.

Nanga dolayo imakwereranji? Yankho lake ndi lomwe lija la chimanga mu Febuluwale: ofuna ndi ambiri, chilipo n'chochepa. Dziko limapeza madola pogulitsa zinthu kunja. Malawi amagulitsa fodya, tiyi, shuga, nandolo, soya, mtedza ndi zina zochepa, ndipo fodya yekha amabweretsa pafupifupi theka la ndalamazo. Zonse pamodzi, m'zaka zaposachedwapa, zakhala zikubweretsa madola pafupifupi 1 biliyoni pa chaka. Koma zimene dzikolo limagula kunja, mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala a m'zipatala, makina, zovala, zimadya madola pafupifupi 3 biliyoni. Lili ngati banja limene limakolola thumba limodzi koma limadya atatu. Awiri enawo amachokera ku thandizo la mayiko ena, ku ndalama zimene ana a ku Joni amatumiza kwawo, ndi ku ngongole. Ngongole yakunja nayo imabwezedwa m'madola, ndiye chaka chamawa mpata umakula. Mphepo ya Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024 zinangothira mchere pachilonda, chifukwa dziko linafunika kugula kunja ngakhale chimanga.

Pali mbali inanso imene anthu saikamba kawirikawiri. Boma likamawononga ndalama zambiri kuposa misonkho imene latolera, limabwereka m'dziko momwemo, ndipo makwacha oyendayenda m'manja mwa anthu amachuluka. Madola sanachuluke, katundu sanachuluke. Makwacha ambiri akamathamangira madola ochepa omwewo, dola imakwera.

Tsopano tifike pamene pamasokoneza ambiri. Wina anena kuti: koma kuyambira 2024 wailesi yakhala ikunena mtengo umodzimodzi wa dola, makwacha pafupifupi 1,750, nanga bwanji katundu anapitirira kukwera? Funso labwino, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Mtengo umenewo ndi wolembedwa pa bolodi ku banki. Koma mtengo wa pa bolodi uli ndi ntchito pokhapokha ngati katunduyo alipo. Woitanitsa katundu amapita ku banki ndi makwacha ake ndi mapepala ake onse, n'kupempha madola 20,000. Amamuuza kuti alembetse adikire. Mwezi umatha, wachiwiri umatha, mwina n'kumupatsa 3,000. Shopu singadikire choncho, antchito akufuna malipiro, mashelefu akuyera. Amapita kwa anthu a mseri amene ali ndi madola m'manja, ndipo iwo amatchula mtengo wawo. M'chaka cha 2025 mtengo wamseriwo unapitirira kawiri mtengo wa ku banki. Tiyerekeze kuti wagula pa K4,000. Thumba lathu lija la madola 35 lafika pa K140,000, chikhalirecho bolodi la ku banki silinasinthe ngakhale tambala. Choncho mtengo wa pa shelefu sutsata dola ya pa wailesi, umatsata dola imene wamalondayo anaipezadi. Ogulitsa kaunjika ku Lilongwe atachita zionetsero mu Febuluwale 2025 chifukwa belo linakwera modzidzimutsa, gwero lake linali lomweli.

Dola imalowanso m'katundu kudzera pa khomo lakumbuyo, lomwe ndi mafuta. Kwacha itangotsitsidwa mu Novembala 2023, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Ndiye ngakhale chinthu chopangidwa m'Malawi momwemo, ngati sopo kapena buledi, chimakwera: tirigu ndi wakunja, mafuta opangira sopo ndi akunja, galimoto yobweretsa imamwa dizilo wakunja. Pa katundu amene amalipira msonkho pa malire, msonkhowo amauwerengera pa mtengo wa katunduyo atausandutsa makwacha, kotero dola ya ku banki ikakwera nawonso umakwera wokha popanda lamulo latsopano.

Ambiri mumakwiya ndi wagolosale amene amasintha mitengo pa katundu wakale. Mumati: mafuta awa anapikula mwezi watha pa mtengo wotsika, akukwezeranji lero? Alipo ena adyera, amenewo sitikuwaikira kumbuyo. Koma tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ena mwa inu muli ndi timaokala ndipo nkhaniyi ikukukhudzani. Mayi wina ali ndi mpamba wa K200,000. Wapikula zigubu 10 za mafuta ophikira pa K20,000 chimodzi. Wagulitsa chilichonse pa K23,000, ndipo m'thumba muli K230,000. Akuona ngati wapindula K30,000. Abwerera kukaoda, apeza chigubu chili pa K24,000. Ndalama yake yonse, mpamba ndi phindu lomwe, ikugula zigubu 9, n'kutsala K14,000 imene ithera thiransipoti. Anayamba ndi zigubu 10, tsopano ali ndi 9. Akachita zimenezi maulendo asanu, okala yatsala theka, iye akudabwa kuti ndalama ikupita kuti, mwina mpaka kuganizira anzake za chitaka. Wamalonda wodziwa ntchito saika mtengo poyang'ana zimene analipira dzulo, amayang'ana zimene adzalipire mawa kuti abwezeretse katundu pa shelefu. Inunso musanagulitse chigubu choyamba, imbani foni kumene mumaodako mufunse mtengo wa lero. Mtengo woodera wa lero ndiwo poyambira, phindu liziikidwa pamwamba pa umenewo.

N'chifukwa chakenso mitengo ikakwera sibwerera msanga. Dola yamseri ikatsika kwa milungu iwiri, wamalonda sakhulupirira kuti ikhalitsa pamenepo, ndipo katundu ali m'shopu anamugula pa dola yodula. Amadikira. Kukwera amakwera ndi mphekesera chabe, kutsika amafuna aone kaye miyezi.

Ife a mbali ino tili ndi mwayi umodzi umene anzathu a ku Kasungu kapena ku Zomba alibe: tili ndi ndalama ziwiri, ndipo imodzi ikhoza kukhala sikelo yoyezera inzake. Kuyambira 2021 banki yayikulu ya Mozambique yasunga dola pa metikashi pafupifupi 64. Sikuti metikashi ilibe mavuto ake, nakonso kuno madola akhala akuvuta m'mabanki, koma sinagwe ngati kwacha. Ndiye chinthu chikakwera mtengo pa Dedza kapena pa Lizulu, funsani mtengo wake m'metikashi pa Ulongwe. Ngati chakwera mbali zonse ziwiri, vuto lachokera kutali, kumene chimapangidwa. Feteleza anachita zimenezo mu 2021 ndi 2022, makamaka nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, ndipo panalibe kothawira. Koma ngati pa Ulongwe mtengo uli pomwepo, wakwera m'makwacha mokha, dziwani kuti katundu sanadule, ndi kwacha imene yapepuka.

Osintha ndalama pa malire amakuuzaninso nkhani yomweyo tsiku lililonse, kungoti sititchera khutu. Mukatenga mitengo ya m'mabanki, 1,750 kugawa ndi 64, metikashi imodzi iyenera kukhala makwacha 27. Mukatenga dola ya K4,000 ija, metikashi imodzi ikupitirira makwacha 60. Mnyamata wa mpukutu wa ndalama m'manja uja satsata bolodi la ku banki, amatsata msika. Mukaona kuti sabata ino akufuna makwacha ochuluka pa metikashi imodzi kuposa sabata yatha, ndipo sabata yamawa awonjezeranso, yembekezani kuti mitengo ya m'mashopu tsidya linalo itsatira posachedwa. Alembi atamalemba mtengo umenewu pamwamba pa tsamba pa msonkhano uliwonse, pamodzi ndi mtengo wa thumba la yureya, pakutha pa chaka gulu likhala ndi mbiri yake yake yosadalira mphekesera.

Tibwere tsono m'bokosi mwenimwenimo. Tinene kuti mayi wina waika masheya okwana K100,000 m'chaka chonse, ndipo pogawana walandira K130,000. Kunthungululu, mbale zatsopano, aliyense akuti gulu layenda bwino. Koma tiyeze ndi thumba. Ngati poyamba chaka thumba linali K70,000, ndalama yokwana K100,000 inali thumba limodzi ndi pafupifupi theka. Ngati pogawana thumba lafika K105,000, K130,000 ija ndi thumba limodzi ndi kotala. Makwacha achuluka, feteleza wachepa. Zoona, masheya amalowa pang'onopang'ono, ndiye amene analowa kumapeto sanaluze kwambiri ngati oyambirira. Komabe muyezo ndi womwewo: phindu la gulu likhale loposa mmene zinthu zakwerera, apo ayi mwangosungitsa. Ku Malawi mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka mu 2023 ndi 2024, pamene kuno ku Mozambique sinkafika ngakhale 10. Gulu losunga makwacha limene lagawana phindu la 30 peresenti m'zaka zimenezo linangobweza mphamvu ya ndalama zake, silinapindule.

Ndalama imene imaluza kwambiri ndi yogona m'bokosi. Yomwe ili pa ngongole ikubala chiwongoladzanja, ikuthamangitsana ndi mitengo. Yogona ikungosungunuka. Malamulo a magulu ambiri amati miyezi iwiri yomaliza ngongole ziyime kuti ndalama zonse zibwerere, ndipo magulu ambiri amagawana mu Disembala. Taonani mmene kalendala imeneyi ikugundirana ndi ya madola. Msika wa fodya ku Malawi umatsegulidwa cha mu Epulo n'kuyenda mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo imeneyo ndi nyengo imene madola amalowako. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale fodya watha, koma ndi pamene dziko likufuna madola ambiri a feteleza ndi mbewu. Ndiye bokosi lanu limakhala lodzaza ndi makwacha ogona pa nthawi yeniyeni imene kwacha imakonda kufooka, ndipo mumagawana pamene aliyense akuthamangira feteleza, mvula itagwa kale. Kunena mosapsatira, Disembala ndi mwezi woipa wogawana kwa gulu la alimi losunga makwacha. Gulu likhoza kusuntha chaka chake kuti kugawana kuzichitika mu Ogasiti kapena Seputembala, anthu n'kugula zipangizo nthawi yomweyo. Feteleza amasungika miyezi itatu popanda vuto ngati thumba silinatsegulidwe, mwaliika pa matabwa osati pa dothi kapena pa simenti, ndipo silikukhudza khoma. Yureya amakoka chinyezi, akanyowa amaundana ngati mwala. Za Khirisimasi zikhoza kukhala ndi kathumba kake kapadera.

Chomaliza ndi chimene chimaswa magulu a m'malire: kusakaniza ndalama ziwiri m'buku limodzi. Bambo wina wabwereka metikashi 5,000 m'gulu. Tsiku limenelo metikashi imodzi ikusinthidwa pa makwacha 50, ndiye wapeza K250,000, wakagula mbewu ya kachewere ndi mankhwala opopera. Patha miyezi itatu, wagulitsa kachewere pa Lizulu, walandira makwacha. Pofuna kubweza apeza metikashi ili pa makwacha 60. Kuti abweze 5,000 yokha ija, chiwongoladzanja chisanalowe, akufunika K300,000. Kusintha kokha kwamudyera K50,000. Iye adzati ndinatenga ndalama yokwana K250,000, ndibweza yomweyo ndi chiwongoladzanja chake. Gulu lidzati ayi, tinakupatsani metikashi. Onse akunena zoona, ndipo mlandu wotere umakafika kwa amfumu.

Zikatembenuka, woluza ndi gulu. Wina wabwereka K250,000 pamene inali metikashi 5,000, n'kudzabweza K250,000 pamene yatsala metikashi 4,167. Amene anagula masheya awo ndi metikashi aona kuti ndalama yawo yachepa, pamene buku likuti zonse zabwera.

Njira yake ndi kugwirizana zinthu zisanachitike, n'kuzilemba m'malamulo a gulu. Buku likhale la ndalama imodzi. Ngati mwasankha metikashi, wobwera ndi makwacha asinthe yekha asanalowe pa msonkhano, kapena gulu limulandire pa mtengo wa tsiku limenelo umene anthu awiri osankhidwa akafunsa kwa osintha osachepera awiri, ndipo asungichuma asinthe makwachawo sabata yomweyo, asawagoneke. Kumbukirani kuti wosintha ali ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo kusinthasintha kulikonse kumadya kanthu, choncho mtengo wolemba m'buku ndi umene gulu lidzalandiredi posintha, osati wapakati. Ngati ambiri mwa inu mumagulitsa ndi kugula m'makwacha, moti metikashi ingakhale chipsinjo, sungani makwacha, koma ngongole zikhale zazifupi, mwezi umodzi kufikira itatu, ndipo mtengo wa sheya muziuonanso poyamba chaka chilichonse. Sheya ya K1,000 imene munagwirizana zaka zitatu zapitazo lero ndi ya sopo.

Wobwereka aliyense azifunsidwa funso limodzi asanasaine: katundu wanu mukagulitsa mu ndalama iti? Wogulitsa m'makwacha amene akubwereka metikashi auzidwe poyera, pamaso pa gulu, kuti kusintha kukamutembenukira mtolowo ndi wake, ndipo alembi alembe pambali pa dzina lake ndalama imene watenga, mtundu wake, ndi mtengo wosinthira wa tsikulo. Amayi apampando, tsamba la malamulo lili ndi malo m'munsimu. Ngati gulu livomereza, mfundo ya ndalama ya buku ndi ya mwezi wogawana zikhoza kuvoteredwa lero lomwe, anthu asanabalalike.